Alamu akukana kuti tilemberane pa nkhani ya chigayo

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Kawale kuno ku Lilongwe. Ndinagwira ntchito ku Kanengo zaka 14 mpaka chaka chatha pomwe anatichotsa ambiri. Ndalama zomwe anandipatsa, pamodzi ndi zomwe ndinkasunga kubanki mkhonde, zakwana K6,000,000. Ndalama zina ndilibe, ndipo ndili ndi ana atatu pasukulu.

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ali ndi puloti ku Chinsapo m'mbali mwa msewu wafumbi womwe anthu amadutsa ambiri. Iwowa anagwirapo ntchito pachigayo cha munthu wina kwa nthawi yaitali. Amadziwa kusintha sefa, kutembenuza mahamala akatha mbali imodzi, kukunga lamba, ndipo mota ikayamba kulira mwachilendo amamva ali panja. Ndiye tinagwirizana kuti titsegule chigayo chathu. Ine ndigula makina awiri ogwirapo kale ntchito, chokonola ndi chogaya, ndi mamota ake, komanso ndilipira zokokera magetsi amphamvu a chigayo. Zonsezi zimaliza K6,000,000 yanga ija. Iwo amanga kale shedi ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo malisiti omwe anandionetsa akukwana K2,000,000.

Zonse zinkayenda bwino mpaka Lamlungu lapitali pomwe ndinapita kwawo ndi kope lomwe ndinalembamo maganizo anga. Tinali titangomaliza kudya nsima, mbale zili pamphasa. Nditatsegula kopelo n'kunena kuti ndikufuna tilemberane tisanagule makina, alamu anasiya kusamba m'manja, n'kundiyang'ana. Anati, "Alamu, mwayamba liti kundiyesa wakuba? Mwana wanu woyamba uja ndinamunyamula ndine kupita naye kuchipatala usiku." Achemwali anangowerama, kenako anati, "Chibale ndi fupa, sichiola. Mapepala ndi a anthu osadziwana." Ndinatseka kope, ndipo chichokereni kumeneko sitinayankhulane.

Sindikuwaganizira zoipa ayi. Koma mu 2022 ndinaweta nkhuku zoyera 200 ndi mnzanga wa kutchalitchi. Tinasonkha mofanana, khola linali kwawo. Nkhuku zina zinapita pangongole kwa abale ake popanda kulemba paliponse, ndipo titasiyana, zomwera, zodyera ndi mbaula zonse zinatsala kwawo chifukwa zinali m'khola mwake. Sanandibere mwadala. Aliyense ankakumbukira mosiyana zomwe tinapangana. Lero tikakumana kutchalitchi timangogwirana chanza basi. Sindikufuna zimenezi zichitike ndi mwamuna wa mchemwali wanga wa bere limodzi.

Ndikufotokozereni zomwe zili m'kopemo kuti mundiuze ngati ndalakwitsa.

Alamu akufuna theka kwa theka. Akuti ine ndaika ndalama, iwo aika malo ndi thukuta, ndiye tizingogawana pakati. Ine ndikuona kuti apa pali zinthu ziwiri zomwe akuziphatikiza. Thukuta liyenera kulipidwa mwezi ndi mwezi, monga akanalipidwa munthu wina aliyense woyendetsa chigayo. Umwini uyenera kutsata zomwe aliyense waikamo. Pa K8,000,000 yonse, ine ndaika magawo atatu, iwo gawo limodzi. Choncho ndinalemba kuti iwo azilandira K150,000 pamwezi ya ntchito yawo, ndipo phindu lotsala tizigawana, ine 75 pa 100 iliyonse, iwo 25.

Ndinawerengetsa motere. Tinene kuti mwezi wabwino, monga anthu akangokolola, talandira K900,000. Mayunitsi a magetsi adya K300,000, mnyamata wothandiza K130,000, ndipo K70,000 taisunga padera ya sefa, mahamala, malamba ndi girizi. Yatsala K400,000. Tikagawana pakati monga akufunira, aliyense atenga K200,000. Koma mwa njira yangayi iwo ayamba atenga K150,000 yawo, pa K250,000 yotsalayo atengaponso K62,500, zonse pamodzi K212,500, ine K187,500. Mwezi wovuta, monga Febuluwale chimanga chikasowa m'makomo, kapena magetsi akamazimazima, tinene kuti ikatsala ndi K200,000 yokha. Theka kwa theka iwo apeza K100,000. Mwa njira yanga apeza K162,500, ine K37,500. Mukuona, azakhali, kuti pa ndalama za mwezi sindikuwapondereza. Akupeza zambiri kuposa zomwe akupempha. Chomwe ndikukana ndi chakuti theka la makina ogulidwa ndi ndalama zanga za zaka 14 likhale lawo tsiku lomwe tidzasiyane.

Pa ntchito ndinalemba kuti iwo ndiwo oyang'anira makina ndi mnyamata, ine sindilowererapo. Ine ndisunga mabuku. Tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo alembe mayunitsi omwe ali pamita, ndi kuchuluka kwa ndowa zomwe akonola ndi kugaya. Ndinamva kwa mayi wina yemwe ali ndi chigayo ku Mchesi kuti njira yodziwira ngati ndalama zikutayikira penapake ndi imeneyi: mayunitsi ndi ndalama zimayendera limodzi, ndiye mayunitsi akamatha monga mwa masiku onse koma ndalama n'kumachepa, ndiye kuti wina akugayitsa ulere kapena mahamala atha ndipo makina akudya magetsi pachabe. Zonse ziwiri ndi zofunika kuzidziwa msanga, ndipo bukulo likuteteza iwonso mnyamata akamachita zachinyengo. Ndalama za tsiku zizilowa kuakaunti ya bizinesi yoti potapa tisayine tonse awiri, osati pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu mmodzi. Ndinalembanso kuti aliyense asatenge ngongole m'dzina la chigayo mnzake asanasayine.

Pali tinthu tiwiri tomwe timaoneka tating'ono koma ndikudziwa kuti ndi tomwe tingadzatidanitse. Koyamba ndi madeya. Anthu ambiri am'tauni akakonoletsa amasiya madeya pachigayo, ndipo oweta nkhumba ndi nkhuku amadzagula matumba matumba. Alamu anangoti, "Amenewo ndi a wosesa." Ine ndikuti ndi ndalama za chigayo, zilowe m'buku. Kachiwiri ndi abale. Ife ndife ambiri, akuchimuna kwawonso ndi ambiri, ndipo pakagwa maliro kapena ukwati onse adzabwera ndi matumba. Ndinalemba kuti nyumba yawo ndi nyumba yanga zizigayitsa ulere thumba limodzi la makilogalamu 50 pamwezi, ndipo yemwe wafuna kuchitira chifundo mbale wake alipire kuchokera m'thumba mwake. Kodi pamenepa ndaumitsa mtima?

Koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi kusiyana. Makina adzamangidwa ndi mabawuti pasimenti ya m'shedi yomwe ili papuloti yawo. Mita ya magetsi idzakhala m'dzina lawo chifukwa malowo ndi awo, ngakhale zokokera magetsi ndilipira ndine. Tsiku lomwe tidzayambane, iwo angotseka loko, ine ndili panja ndi malisiti m'manja.

Nditafunsa kuti nanga wina akafuna kuchoka zidzatha bwanji, anati, "Tidzakubwezerani ndalama zanu." Koma ndalama ziti? Tonse tikukumbuka Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, mitengo ya zitsulo ku Malangalanga inasintha sabata yomweyo. K6,000,000 yobwezedwa patapita zaka zitatu, mwina pang'onopang'ono, singadzagulenso ngakhale chogaya chokha. Mbali inayi, makina nawonso amakalamba, ndipo sichingakhale chilungamo kuwalipiritsa mtengo wa makina atsopano. Ndiye ndinalemba kuti wofuna kuchoka anene polemba kalata miyezi itatu isanakwane. Aliyense abweretse makaniko wake wodziwa zigayo, awiriwo atchule mtengo wa makina ndi shedi monga zilili pa nthawiyo, titenge wapakati. Wotsalayo akhale woyamba kupatsidwa mwayi wogula gawo la mnzake, amalize kulipira m'miyezi 6. Akalephera, ine ndimasule makina anga, shedi itsale yawo popeza singanyamulike, ndipo ndalama za m'akaunti tigawane mwa magawo athu aja. Chomwe ndasowa pochiika ndi ndalama zokokera magetsi. Zimenezo sizimasulika, zidzatsala papuloti yawo n'kukweza mtengo wa malo awo. Kodi ndilembe kuti imeneyo ndi ngongole yoti adzandibwezere, kapena ndingoiiwala?

Palinso imfa, yomwe ndinachita mantha kuitchula pamaso pa achemwali. Alamu atatisiya, Mulungu aletse, abale awo adzaona chigayo chili papuloti ya malemu, ndipo adzati ndi chuma cha masiye chonsecho. Ndikudziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu, koma kodi ndidzaonetsa chiyani chotsimikiza kuti makinawo sanali a malemu? Ndikatsogola ndine, ndikufuna ana anga azilandira gawo langa, kapena awagule pa mtengo woona, osati kungowapatsa thumba la mgaiwa pa Khirisimasi. Achemwalinso pepala limeneli lingawateteze, chifukwa lidzaonetsa poyera gawo lomwe ndi lawo ndi ana awo.

Tsono ndithandizeni. Kodi pepala lolemba tokha m'Chichewa, tasayina awiri pamaso pa amalume ndi amfumu a m'dera, lingagwire ntchito kubwalo la milandu, kapena mpaka lilembedwe ndi loya? Wina anandiuza kuti anthu akachita bizinesi limodzi osalemberana, lamulo limawatenga ngati ogawana phindu mofanana, ndiponso kuti ngongole yomwe mmodzi watenga m'dzina la bizinesi imagwera onse. Ngati zili choncho, ndiye kuti kukhala chete kwanga ndi kuvomera theka kwa theka komwe ndikukanako. Nanga polembetsa dzina la bizinesi kuboma, potenga TPIN ku MRA ndi laisensi kukhonsolo ya mzinda, tiike mayina onse awiri, kapena ndi bwino makina akhale anga ndekha, ine ndizilipira lendi ya shedi ndi malipiro awo, tisakhale ogawana n'komwe? Njira imeneyi ndaiganizira kwambiri, koma ndikuopa kuti adzamva ngati ndawasandutsa wantchito wanga pakhomo pawo pomwe.

Ndipo ndiyambire pati kuti tikhalenso pansi? Ndaganiza zopita kwa amalume ku Mitundu kuti nkhaniyi aitule ndi iwo, chifukwa alamu amawamvera. Koma achemwali angadzati ndatulutsira panja za m'nyumba mwawo tisanayambane n'komwe. Mwini makina uja wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno, akuti pali wina wa ku Nathenje yemwe akuwafunanso. Ndalama zidakali kubanki, sindinatapeko ngakhale tambala.

Ine,
Mayi wa ku Kawale, Lilongwe