Kalata kwa makasitomala: tikusintha kagawidwe ka maadiresi pa netiweki yanu

Okondedwa makasitomala athu,

Tikulemba kukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wamawa tisintha mmene zipangizo za mu ofesi mwanu zimapatsidwira maadiresi a IP. Madandaulo amene akhala akutipeza ndi ofanana kwambiri: pulinta imasindikiza bwinobwino m'mawa koma masana osayankha, kamera imazima pa sikirini n'kubwereranso yokha, kompyuta imaduka pa netiweki pomwe chizindikiro cha waifai chili chodzaza. Ambiri mumaganiza kuti chingwe chaduka kapena kampani ya intaneti yavuta. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri tikafika timapeza kuti zipangizo ziwiri zikulimbirana adiresi imodzi.

Kuti mumvetse chifukwa chake, dziwani kuti chipangizo chilichonse chili ndi manambala awiri. Yoyamba ndi adiresi ya IP, monga 192.168.1.105, imene imatha kusintha. Yachiwiri ndi adiresi ya MAC, ya khadi la netiweki la chipangizocho, yolembedwa m'magulu 6 a zilembo ndi manambala awiriawiri. Kompyuta yanu ikafuna kutumiza chikalata ku pulinta, imayamba yafunsa netiweki yonse kuti, "Ndani ali ndi 192.168.1.105?" Mwini wake amayankha potchula MAC yake, ndipo kompyuta imasunga yankholo kwa kanthawi kochepa. Kafunsidwe kameneka ndi kamene kamatchedwa ARP. Tsopano eni ake akakhala awiri, onse amayankha. Zili ngati nyumba ziwiri zokhala ndi nambala imodzi mumsewu umodzi, wopereka makalata lero agogoda uku, mawa uko. N'chifukwa chake vutoli silikhazikika, limabwera n'kumapita, ndipo ndilo limatopetsa kuposa chinthu chimene chafa kotheratu.

Tikupatseni chitsanzo cha mmene zimayambira, poti kawirikawiri njira yake ndi yomweyi. Rauta imagawa yokha maadiresi kudzera mu DHCP, tinene kuyambira 192.168.1.100 mpaka 192.168.1.199. Tsiku lina munthu wofuna kuthandiza akulemba pamanja 192.168.1.105 mu pulinta kuti adiresi yake isamasinthesinthe. Maganizo ake ndi abwino, koma nambalayo ili m'kati mwa zimene rauta imagawa, ndipo rauta sinauzidwe. Miyezi imatha popanda vuto. Ndiye Lolemba lina pulinta ikadali yozima, wantchito akulowa ndi foni yatsopano, rauta n'kuipatsa 105. Pulinta ikayatsidwa, mkangano wayambika.

Nayi njira yopezera olimbiranawo, imene mungayese nokha tisanafike. Pa kompyuta ya Windows imene ikulephera kusindikiza, tsegulani Command Prompt n'kulemba:

```
ping 192.168.1.105
arp -a
```

Pamndandanda umene utuluke, pezani mzere wa 192.168.1.105 ndipo mulembe papepala MAC imene ili pambali pake. Pulinta ikamagwira ntchito mwina muona chonchi:

```
192.168.1.105   00-00-5e-00-53-1a   dynamic
```

Ikadzasiya kuyankha, bwerezani malamulo awiri omwewo. Mukapeza kuti IP ndi yomwe ija koma MAC yasintha, monga

```
192.168.1.105   7a-41-c9-0e-62-b8   dynamic
```

ndiye kuti mwagwira vutolo. Kuti musakayike, zulani chingwe cha pulinta kapena muizimitse, tsegulani Command Prompt ngati administrator, fufutani zimene kompyuta inasunga polemba `arp -d *`, kenako bwerezani `ping` ndi `arp -a`. Pulinta yozima singayankhe, choncho adiresiyo ikaonekabe ndi MAC, chilipo chipangizo china chimene chaitenga. Apa tikuchenjezeni pang'ono: musadalire `ping` yokha. Makompyuta ambiri anatchingidwa kuti asamayankhe `ping`, koma funso la ARP amayankhabe, ndiye umboni weniweni uli pa mndandanda wa `arp -a`.

Chotsala ndi kudziwa mwini wa MAC yachilendoyo. Lowani pa tsamba la rauta, pamene pali mndandanda wa zipangizo zimene yapatsa maadiresi, nthawi zambiri pamalembedwa DHCP Clients. Ngati MAC ija ilipo, dzina la chipangizo limaonekanso. Ngati palibe, ndiye kuti nachonso chinalembedwa adiresi pamanja, ndipo magulu atatu oyamba a MAC angathandize, chifukwa amasonyeza kampani imene inapanga khadilo. Koma mafoni a masiku ano amadzipangira MAC yongopeka akamalowa pa waifai. Mungaizindikire poona chilembo chachiwiri: chikakhala 2, 6, a kapena e, ngati 7a m'chitsanzo chathu, musataye nthawi kufufuza kampani, yambani kufunsa amene walumikiza foni posachedwapa.

Ngati chimodzi mwa zolimbiranazo ndi kompyuta ya Windows, imadziulula yokha. Lamulo la `ipconfig /all` limaonetsa mawu akuti (Duplicate) pambali pa adiresi, ndipo nthawi zina kompyuta imadzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254, imene singafike nayo pa intaneti. Mu Event Viewer, pansi pa System, mumalembedwanso uthenga wa Tcpip wa nambala 4199, ndipo uthengawo umatchula MAC ya chipangizo chinacho.

Pali mtundu wina wa vutoli umene umatidetsa nkhawa kwambiri. Munthu amagula rauta yachiwiri kuti waifai ifike chipinda chakutali, n'kuilumikiza osasintha kalikonse. Ma rauta ambiri amachoka kufakitale ndi adiresi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, komanso DHCP ili yoyaka. Ikafanana ndi yanu yakale, sikhalanso nkhani ya pulinta imodzi, ofesi yonse intaneti imangodukaduka, chifukwa adiresi imene ikulimbiranidwa ndi khomo lotulukira la aliyense.

Tsono zimene tisinthe ndi izi. Pa netiweki iliyonse imene timayang'anira, maadiresi tiwagawa pawiri. Amene nambala yawo yomaliza ili kuyambira 2 mpaka 49 akhala a zipangizo zimene siziyenera kusintha adiresi, monga mapulinta, makamera ndi seva. Kuyambira 100 mpaka 199 tisiyira rauta kuti izigawira mafoni ndi malaputopu. Chipangizo chilichonse chokhazikika chimene chili m'gawo la rauta tichisamutsa, ndipo tikusiyirani kaundula wosonyeza dzina lake, IP, MAC ndi pamene chili. Ma rauta owonjezera tiwazimitsira DHCP n'kuwapatsa adiresi yawoyawo. Ntchitoyi idula netiweki kwa mphindi zingapo, ndipo makompyuta amene amasindikiza adzafunika kuuzidwa adiresi yatsopano ya pulinta. Zimenezi tichita ife tsiku lomwelo, ndipo tidzakuimbirani kaye kuti tigwirizane nthawi imene ntchito yanu imachepa.

Dziwani kuti kusinthaku kukuchotsa vuto limodzi lokha. Chingwe chowonongeka kapena waifai yofooka zidzadulabe netiweki, ndipo mukaona MAC sikusintha pa `arp -a`, tidzayang'ana kumeneko.

Tikukupemphani kuti tikamaliza, pasakhale wolemba adiresi pamanja kapena wolumikiza rauta yatsopano asanayang'ane mu kaundula kapena kutifunsa. Ndipo netiweki ikayamba kudukaduka, chonde musathamangire kuzimitsa rauta, chifukwa kutero kumabisa umboni ndipo vuto limadzabweranso. Jambulani kaye zimene `arp -a` yaonetsa, lembani nthawi imene zachitika, mutitumizire.

Ndife anu,
Ogwira ntchito ku gawo la netiweki