Lipoti la msonkhano wa za mapu ndi ziwerengero: kukula kwa dera pamene nyanja zawerengedwa

A mkhalapampando ndi aphunzitsi anzanga a jogalafe, munandituma ku msonkhano uja ndi funso lomwe lakhala likutizunguza pokonza mayeso: chifukwa chiyani mabuku awiri amapereka manambala osiyana a kukula kwa dziko limodzi, ndipo tiziyerekeza bwanji madera awiri popanda kukondera? Nkhani zinalipo zambiri, koma pano ndalemba za gawo lomwe linayankha funso lathuli.

Mayi amene anatsogolera gawoli, katswiri wojambula mapu, anayamba n'kutikumbutsa kuti mawu akuti kukula kwa dziko amabisa manambala awiri. Yoyamba ndi ya malo onse a mkati mwa malire, mtunda ndi madzi omwe. Yachiwiri ndi ya mtunda wokha, nyanja ndi mitsinje ikuluikulu zitachotsedwa. Pa matebulo a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, yoyamba imalembedwa `Surface area` ndipo yachiwiri `Land area`. Vuto limabwera munthu akatenga nambala ya dera lina pa mzere woyamba, ya dera linzake pa mzere wachiwiri, n'kuziika pamodzi. Nthawi zambiri sachita dala. Buku lomwe wakopamo limangoti kukula, osanena kuti kukula kwake kuti.

Chitsanzo chomwe tinachiwerengera limodzi ndi cha Netherlands ndi Switzerland. Pa tebulo lomwe tinagwiritsa ntchito, malo onse a Netherlands ndi masikweya kilomita 41,543, a Switzerland 41,277. Ukangoona apa, unganene kuti maikowa ndi ofanana, Netherlands ikuposa pang'ono ndi 266. Kenako tinachotsa madzi. Netherlands ili ndi madzi okwana 7,650, ndiye mtunda unatsala 33,893. Switzerland, ngakhale imatchuka ndi nyanja zake, madzi ake ndi 1,280 okha, ndipo mtunda unatsala 39,997. Zinthu zinatembenuka. Switzerland ndiyo yaikulu, ndipo ikuposa inzake ndi masikweya kilomita 6,104.

Apa mpamene pali njira yodziwira msanga ngati kuyerekeza kungasokonekere. Gawani madzi ndi malo onse. Ku Netherlands mupeza pafupifupi 18 peresenti, ku Switzerland 3 peresenti. Mapelesenti a madera awiri akayandikana, nambala iliyonse mwa ziwiri zija ikupatsani chithunzi chofanana, bola mutenge mtundu umodzi mbali zonse. Akatalikirana chonchi, kusankha nambala ndiye kusankha yankho.

Zimaonekera bwino powerengera kuchulukana kwa anthu. Netherlands ili ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni, Switzerland pafupifupi 9 miliyoni. Mukagawa ndi malo onse, Netherlands ili ndi anthu 433 pa sikweya kilomita imodzi. Mukagawa ndi mtunda wokha, afika 531. Ku Switzerland nambala ingosuntha kuchoka pa 218 kufika pa 225. Anthu samanga nyumba pakati pa nyanja, choncho 531 ndiyo ikunena zoona za mmene anthu apanikizirana. N'chimodzimodzi mukafuna kudziwa gawo la dziko lomwe lili ndi nkhalango kapena minda: gawani ndi mtunda. Nambala ya malo onse ili ndi ntchito yake, monga pofunsa kukula kwa dera lomwe boma likulamulira, poti nyanja nayo imafuna malamulo ndi oilondera. Ine ndinaona kuti ambiri m'chipindamo timaiona nambala ya mtunda ngati yolondola, inayo ngati yabodza. Si choncho ayi. Funso lomwe mwafunsa ndilo limasankha nambala.

Bambo wina anafunsa ngati kungochotsa madzi kwathetsa nkhani yonse. Yankho linali lakuti ayi, chifukwa maiko sagwirizana pa madzi oyenera kuwerengedwa. M'madzi a Netherlands aja muli IJsselmeer, nyanja ya madzi opanda mchere yomwe inapangika mu 1932 atatseka Zuiderzee, mbali ya nyanja yamchere yomwe inkalowa m'dzikolo, ndi khoma lalitali la Afsluitdijk, koma mulinso madzi amchere a m'mphepete mwa dzikolo monga mbali ya Waddenzee. Switzerland ilibe gombe la nyanja yamchere, ndiye ilibe choti iwonjezere chotere. Nambala ya malo onse ndiyo imavutika kwambiri ndi kusiyanaku, ndipo n'chifukwa china chodalirira ya mtunda.

Mkangano wodziwika woti dziko lalikulu ndi liti pakati pa China ndi United States umachokera pomwepa. Matebulo ena amapatsa United States masikweya kilomita 9,833,517, kuposa 9,596,960 a China. Koma nambala ya United States ija yaphatikiza madzi a m'gombe ndi a m'nyanja yamchere omwe dzikolo limalamulira, pamene ya China ili ndi madzi a mkati okha. Pa mtunda wokha, China ili ndi pafupifupi 9.33 miliyoni, United States 9.15 miliyoni. Canada, yomwe imaposa onse awiri pa malo onse ndi 9,984,670, imatsalira kumbuyo kwawo, chifukwa madzi ake a mkati akuyandikira 900,000. Mwana akalemba kuti China ndi yaikulu kuposa Canada tisafulumire kumulemba cholakwa tisanaone mmene funso tinalifunsira.

Tinakhudzanso nyanja zogawana. Nyanja ikakhala pamalire, dera lililonse liyenera kuwerengera gawo lake lokha, monga zilili ndi nyanja ya Geneva pakati pa Switzerland ndi France. Koma pa gawo lalikulu la nyanja ya Constance, Germany, Austria ndi Switzerland sanagwirizanepo mzere wa malire. Pamalo otere nambala ya madzi imadalira amene wailemba, pamene ya mtunda sikhudzidwa.

Nayonso nambala ya mtunda siima malo amodzi, ndipo apa ndipo ndikupempha tisamale. Netherlands yakhala ikuphwetsa madzi n'kupanga mtunda, moti chigawo cha Flevoland, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1986, pafupifupi chonse chili pamalo pomwe kale panali pansi pa nyanja. Nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, inali pafupifupi masikweya kilomita 68,000 mu 1960, ndipo mbali yaikulu inauma madzi a mitsinje yake atapatutsidwira ku ulimi wothirira. Malire a maikowa sanasunthe, koma mtunda unakula. Ndiye manambala awiri oyerekezedwa achokere ku gwero limodzi ndi chaka chimodzi. Madambo ndi nyanja zomwe zimadzaza nthawi ya mvula n'kuphwa m'chilimwe ndi zovuta kuposa apa, poti ena amaziika ku madzi, ena ku mtunda, ndipo chokuthandizani ndi timawu tating'ono ta pansi pa tebulo, tomwe ambirife timatidumpha.

Pempho langa kwa gulu ndi lakuti tebulo la maiko lomwe timagawira ophunzira tilikonzenso. Pakali pano lili ndi danga limodzi la kukula. Likhale ndi atatu, la malo onse, la madzi ndi la mtunda, ndipo pansi pake tilembe gwero ndi chaka. Mafunso a mayeso okhudza kuchulukana kwa anthu azinena poyera kuti ophunzira agawe ndi mtunda. Ndayamba kale kudzaza madanga a maiko anayi oyamba a pa tebulolo, ndipo ndikufuna munthu mmodzi woti aonenso masamu anga tisanakumanenso.