Mbewu tikatenge kwa mlamu kapena kwa munthu wosamudziwa?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wapabanja, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, koma makolo athu anachokera ku Dedza. Mwana sitinamuonebe. Ine anandiyeza n'kupeza kuti zonse zili bwino, koma amuna anga atawayeza mobwereza, mu umuna wawo simunapezeke mbewu ngakhale imodzi. Adokotala akuti mwina ndi matsagwidi amene anadwala atakula kale.

Njira imene atiuza ndi yolandira mbewu ya mwamuna wina, yomwe amaiika m'chiberekero ndi kapaipi kakang'ono pa masiku amene dzira likutuluka. Sikuti imagwira ulendo woyamba nthawi zonse ayi. Wopereka mbewuyo amamuyeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi, mbewuyo n'kuiumitsa kwa miyezi 6, kenako n'kumuyezanso asanaigwiritse ntchito.

Pamene tasemphana ndi apa. Amuna anga akufuna mbewu ya mng'ono wawo, ati magazi asachoke pamtundu, mwana adzafanane ndi kwawo. Apongozi nawo akuti palibe chachilendo, kale ankalowetsa fisi usiku nkhani n'kuthera m'nyumba. Koma Azakhali, nthawi ya fisi kunalibe zoyeza DNA. Lero anthu kuno akungothamangira kukayezetsa akangokangana pang'ono. Mlamu wangayo ndi wokwatira, ndipo akuti mkazi wake tisamuuze. Zimenezo ine ndakana. Mwana azidzasewera ndi ana awo pa Khirisimasi, mayiyo akumupakulira sadza osadziwa kuti ndi magazi a mwamuna wake?

Loya wina anatiuza kuti mwana wobadwira m'banja lamulo limamutenga kuti ndi wa mwamuna wa m'nyumbamo, ndipo pa chikalata cha kubadwa padzalembedwa amuna anga. Komabe Zimbabwe ilibe lamulo lapadera la opereka mbewu, choncho anati tonse tisainirane pepala tisanayambe: amuna anga avomere kuti mwanayo ndi wawo mpaka pa chisamaliro ndi chuma cha masiye, mlamu avomere kuti sadzamuitanitsa. Nanga pepala lingatseke pakamwa pa munthu atakhuta mowa pamaliro? Nanga banja litatha, amuna anga sadzanena kuti si wawo?

Mtima wanga uli kwa wopereka wosadziwika, ngakhale ndikuopa kuti mwana atakula adzafunsa kwawo kwa magazi ake ine n'kusowa poloza. Kuno anthu amafunsana mutupo, womwe ndi mfunda wa munthu, asanakwatirane.

Ndithandizeni, Azakhali. Ankhoswe tiwauze kapena zikhale za awiri? Mwanayo tidzamuuze ali ndi zaka zingati? Ndipo amuna anga ndiwakanize bwanji za mng'ono wawoyo osaoneka ngati ndikunyoza mtundu wawo, poti chilandirireni zotsatira zija sakudya bwino n'komwe?

Ine wothedwa nzeru,
Mufakose, Harare