Lipoti la msonkhano wa ku Salima boma: dzina la udindo likamabisa ntchito yathu

A wapampando, amayi ndi abambo a gulu lathu la ofuna ntchito kuno ku Senga Bay, ndabwerako ku msonkhano umene munandituma. Zokambidwa zinali zambiri, monga za kavalidwe ndi kasungidwe ka nthawi pa tsiku la mafunso, koma zimenezo mukuzidziwa kale. Ine ndikhazikika pa nkhani imodzi imene ikutipweteka ambiri, ya dzina la udindo limene silinena zimene munthu ankagwira.

Nkhaniyi inayamba ndi mayi wina amene anagwirapo ntchito pa kopaletivi ina ya alimi a mpunga cha ku Lifuwu. Pa kalata yake yomulembera ntchito analembedwa kuti ofesi asisitanti. Koma nyengo yokolola ikafika, mayiyu ndi amene ankakhala pa sikelo kuyeza mpunga, kulemba malisiti a mlimi aliyense, kusunga makiyi a nyumba ya katundu, ndipo mwezi ukatha ankawerenga matumba n'kuwayerekeza ndi za m'buku. Atafunsira ntchito ya kalaliki wosunga katundu, sanaitanidwe n'komwe.

Bambo wina amene amasankha makalata a ofunsira ntchito anatiuza chifukwa chake mosabisa. M'maofesi ambiri kwathu kuno, akamva kuti ofesi asisitanti amaganiza za mesenjala wosesa, wophika tiyi ndi wotumidwa ku positi. Makalata akachuluka, wosankhayo amangoyendetsa maso pa mayina a maudindo, ndipo kalata ya mayiyu amaiika pambali asanafike pa mzere wachiwiri.

Ena mu holomo anati mayiyu angofufuta dzinalo, alembe kuti anali kalaliki wa katundu. Apa panali mkangano ndithu, ndipo ine ndinali kumbali ya okana. Wolemba ntchito amaimba foni kumene unachokera. Akafunsa za kalaliki wa katundu, iwo n'kuyankha kuti udindo wotero kunalibe, basi waoneka wabodza ngakhale ntchitoyo unkaigwiradi.

Chimene tinagwirizana n'chakuti pa chikalata cha mbiri ya ntchito, chija timati sivi, dzina la udindo likhale monga liliri pa kalata ya abwana. Pa mzere womwewo, pambali pake, muonjezere mawu ochepa onena ntchito yeniyeni, monga akuti woyang'anira sikelo ndi nyumba ya katundu. Pansi pake mulembe mizere itatu kapena inayi, uliwonse unene chimene munkachita, kuchuluka kwake, ndi amene munkamupatsa lipoti. Mayiyu asalembe kuti ankathandiza ntchito za mu ofesi, chifukwa mawu amenewo sanena kanthu. Alembe kuti ankalandira ndi kuyeza matumba a makilogalamu 50, atchule chiwerengero cha nyengo imodzi chimene chili m'buku, ndipo anene kuti ankapereka lipoti kwa msungichuma mwezi ndi mwezi. Nambala yongopeka ayi, poti akadzakufunsani kuti tsiku lotanganidwa munkayeza matumba angati, masamu ake sadzagwirizana.

Mawu ogwiritsa ntchito muwatenge pa chilengezo cha ntchitoyo. Ngati akufuna munthu wodziwa kuwerengera katundu wotsala, ndipo inu munkachitadi zimenezo, tchulani ndi mawu awo omwewo. Chimene simunachitepo chisiyeni.

Gawo limene linandigwira mtima ndi la umboni. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa ndime 27, limati wolemba ntchito apatse wantchito chikalata chofotokoza mgwirizano wawo, kuphatikizapo mtundu wa ntchito imene azigwira. Ndime 31 imanena za satifiketi imene munthu angapemphe ntchito ikatha, yotchula nthawi imene wagwira ndi udindo wake. Vuto n'lakuti satifiketiyo kawirikawiri imangobwereza dzina losamveka lija. Choncho pemphaninso kalata ina ya umboni yotchula ntchito zanu imodziimodzi, yosainidwa ndi kudindidwa. Chitani zimenezi musanachoke, chifukwa pulojekiti ikatha ofesi imatsekedwa, ndipo komiti ya kopaletivi imasintha pa chisankho. Amene akulowa m'malo sakudziwani, adzangokopera zimene zili mu fayilo. Ndipo amene mwamulemba kuti akuchitireni umboni mumuonetse sivi yanu asanaimbiridwe foni, kuti zonena zake zifanane ndi zanu.

Pagulu pathu pano tili ndi amene ankatchedwa fasiliteta, ena volontiya, pomwe wina ankaphunzitsa mabanki a m'mudzi kalembedwe ka mabuku, wina ankalemba nsomba zofika pa doko. Ndikupempha a wapampando kuti pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi kalata yake yomulembera ntchito, sivi yake, ndi chilengezo chimodzi cha ntchito imene akuifuna. Tidzakhala awiriawiri, wina azifunsa mnzake zimene ankachita kuyambira m'mawa mpaka poweruka, n'kumazilemba.