Alamu ya pa foni ilire nthawi yanji?

Mufakose, Harare

Mnzanga wapamtima,

Landira moni wochokera kuno ku Mufakose. Ine ndi ana tili bwino, kungoti chisanu cha Julayi chatigwira zolimba. Mzinda uno uli pamtunda, ndiye m'mawa madzi a m'ndowa amaluma zala ngati a pa phiri la Zomba. Undiperekere moni kwa alamu anga. Ndikunena alamu enieni, bambo a kunyumbako, osati alamu ya pa foni ija wandidandaulira, ngakhale kuti nkhani yanga lero ndi ya iyoyo.

Wandiuza kuti unatchera alamu ya 4 koloko m'mawa kuti uzidzuka kulemba kafukufuku wa digiri yako usanapite kukaphunzitsa, ndipo pa milungu itatu wadzuka kawiri kokha. Wamaliza ndi kudzitcha waulesi. Ayi, zimenezo ndakana. Iwe amene unkatiposa tonse pa mizere ya kumunda ungakhale waulesi lero? Ine ndikuona kuti nthawiyo si yako, unangoibwereka kwa anthu amene amagona ndi nkhuku. Inenso ndinagwa m'mbuna yomweyo, ndiye tamvera momwe ndinatulukira.

Ukudziwa kuti ndimasunga mabuku a ndalama a mashopu atatu ang'onoang'ono, awiri ku Mbare ndi imodzi konkuno. Ntchito zambiri n'zopepuka: kusanja malisiti, kuimba foni, kukwera kombi kupita m'tauni. Koma ilipo imodzi yofuna mutu wonse, yoyerekeza zimene banki yalemba ndi zimene zili m'buku, mzere ndi mzere, mpaka zigwirizane. Ntchito imeneyi ndinaitcherera alamu ya 4:30 m'mawa, poganiza kuti m'nyumba mukhala muli zii. Munalidi zii, koma ndi mutu wanga womwe unali zii. Tsiku lina ndinalemba 450 pamene panayenera kukhala 540, ndipo ndinatha masana onse ndikusaka madola 90 osowa. Chondipweteka n'chakuti aliyense wa ntchito yathuyi amadziwa kuti kusiyana kukagawika ndi 9, kawirikawiri ndiye kuti wasinthanitsa manambala awiri oyandikana. Ndinkadziwa zimenezo, koma nzeru yake sinandifikire mpaka dzuwa litapendeka.

Pamenepo ndinaleka kulota, ndinayamba kudziwerengera monga momwe ndimawerengera ndalama za eni. Ndinagula kope laling'ono n'kujambula mizere. Maola awiri aliwonse, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndinkadzipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Kuti ndisamadzinamize, nambala iliyonse ndinaipatsa tanthauzo logwirika. 1 ndiye kuti zikope zikulemera. 2 ndiye kuti ndikuwerenga mzere umodzi kawiri ndisanaumve. 3 ndikutha kugwira ntchito ya manja koma dzanja likuthamangira foni. 4 ndikutha kuphatikiza manambala m'mutu osatayika. 5 munthu akhoza kuodira pakhomo ine osamumva. Pamwamba pa tsamba ndinkalembanso nthawi imene ndinagona, imene ndinadzuka, nthawi ya tiyi ndi ya nsima (kuno amati sadza, koma tulo take n'timodzimodzi). Alamu ya m'bandakucha ndinaizimitsa pa nthawi yonseyi, chifukwa sungayeze mphamvu za munthu amene ukumulanda tulo.

Ndinatero kwa milungu iwiri, ndiye kuti masiku 10 a ntchito, Loweruka ndi Lamlungu ndinawaika padera. Mlungu umodzi sukwanira: tsiku limodzi la chimfine kapena la kuchezera pa maliro limasokoneza chithunzi chonse. Pomaliza ndinaphatikiza malikisi a ola lililonse. Pa 50 amene akanatheka, 6 koloko inapeza 21, 8 koloko 32, 10 koloko 45, 12 koloko 38, ndipo 2 koloko masana inagwa mpaka 19. Kenako zinakweranso pang'ono, 4 koloko 29, 6 koloko madzulo 35, ndipo 8 koloko usiku 28. Ukaziyang'ana ukuona phiri lalikulu cha m'ma 10 m'mawa, chigwa masana, ndi kachulu madzulo.

Zina mwa izi si zanga ndekha, ndi mmene thupi la munthu linapangidwira. M'thupi muli wotchi yakeyake yoyenda maola pafupifupi 24. Usiku thupi limazizira pang'ono, ndipo limafika pozizira kwambiri pafupifupi maola awiri munthu asanadzuke yekha. Ine ndikasiyidwa ndimadzuka 6:30, ndiye taona, alamu yanga ya 4:30 inkalira ndendende pamene thupi lili pansi penipeni. Kuwonjezera apo, munthu akangodzuka mutu umakhala ndi nkhungu kwa mphindi 15 mpaka 30, nthawi zina mpaka ola lathunthu ngati tulo tadulidwa. Chigwa cha masana nachonso sichibwera chifukwa cha nsima yokha. Ngakhale usadye, pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko thupi limafuna kutsika, nsima yambiri imangokankhira munthu amene akutsetsereka kale. Chimene chimasiyana pakati pa anthu ndi malo a phirilo: ena limabwera msanga, ena mochedwa, ndipo zina n'zakumtundu. N'chifukwa chake sindingakupatse ola langa kuti ukalitchere kwanuko.

Koma kope nalonso limanama ukapanda kulifunsa bwino. Masiku anayi, malikisi anga a 6 koloko madzulo anali 4 kapena 5, ndipo ndinatsala pang'ono kuganiza kuti ndine munthu wa madzulo. Nditayang'ana pamwamba pa masambawo, onse anayi ndinali nditamwa makapu awiri a tiyi wowawa cha m'ma 5 koloko. Inali mphamvu ya tiyi, osati yanga. Ndipo inali ngongole, chifukwa kafeini amachedwa kutuluka m'thupi: pakatha maola pafupifupi asanu theka lake limakhala likadalimo, ndiye 10 koloko usiku ndinkangotembenuka pabedi, m'mawa mwake malikisi n'kutsika. Chinanso ndi magetsi. Pa nyengo imene ankabwera usiku wokhawokha, ndinkagwira ntchito ya pa kompyuta m'ma 11 koloko usiku n'kumati ndiyo nthawi yanga. Ayi ndithu, inali nthawi ya magetsi. Choncho pambali pa malikisi ndinayamba kuwerenga chinthu chimene sichidalira momwe ndikumvera, ndicho mizere imene ndayerekeza pa mphindi 30 ndi zolakwa zimene ndazipeza mawa lake. M'mawa cha m'ma 10 ndinkadutsa mizere pafupifupi 40 popanda cholakwa. Usiku ndinkadutsa 30 n'kusiya zolakwa ziwiri kapena zitatu, chonsecho ndikudzimva ngati katswiri. Iwe ungawerenge mawu amene walemba, ndi kuona angati apulumuka utawerenganso m'mawa mwake.

Tsopano pa alamu penipeni. Poyamba ndinaitchera 10 koloko, pansonga pa phiri, ndipo ndinalakwitsanso. Ikamalira ndinkakhala nditayamba kale zina, kuchapa kapena kuyankha mauthenga, ndiye pomamaliza zimenezo, kufunafuna mafayilo ndi kukhala pansi, nthawi inali 10:40, theka la phiri lapita. Alamu iyenera kulira phiri lisanayambe. Mlungu wachitatu ndinadziyesa ola lililonse pakati pa 8 ndi 12 koloko, ndipo ndinapeza kuti malikisi amafika pa 4 cha m'ma 9 koloko n'kuyamba kutsika cha m'ma 11:30. Kukonzeka kwanga, kutanthauza kusesa patebulo, kuika malisiti ndi rula, kuthira madzi m'botolo ndi kukasiya foni kuchipinda, kumanditengera mphindi 20. Ukachotsa mphindi 20 pa 9 koloko utsala ndi 8:40. Ndiyo alamu yanga mpaka lero, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndimagwira mphindi 90, kupuma 15, ndipo zikalola ndimaonjezera 45. Kompyuta ndimaitchaja usiku, ndipo ikatha moto ndimapitiriza ndi pepala.

Pa alamupo pali malo olembapo dzina. Usalembepo kuti "ntchito", chifukwa ikalira uyamba kudzifunsa kuti ntchito iti, ndipo mphindi zako zabwino zithera pa kusankha. Ine usiku uliwonse ndimasinthapo, mwachitsanzo "banki ya shopu ya zitsulo, tsamba 3". Iwe ukhoza kulemba "mutu 2, ndime ya mafunso a makolo".

Ndikudziwa chimene uyankhe: 9 koloko iwe uli kutsogolo kwa ana 80 ndi choko m'manja. Zoona, phiri lalikulu mwina lagulidwa kale ndi sukulu. Ndiye saka kachulu kachiwiri pa maola amene ali akoako. Kope likaonetsa kuti umadzukanso cha m'ma 5 koloko madzulo, ola limodzi pamenepo liposa maola awiri a kusinza m'bandakucha, ndipo ndime zovuta kwambiri uzisungire Loweruka m'mawa. Vuto la 5 koloko ukulidziwa, ndi nthawi ya moto ndi ndiwo. Apo kope silingakuthandize, ukambirane ndi alamu anga ndi ana kuti masiku atatu pa mlungu wina agwire mthiko. Mwinanso kope lidzaonetsa kuti 5 koloko m'mawa ikukuyanja bola ugone 9 koloko. Ngati ndi choncho, alamu yofunika kutchera ndi yokagona.

Ukasankha nthawi, uiyese masiku asanu osaisintha. Ukapeza kuti wadina Snooze kapena waizimitsa osayamba ntchito katatu pa masiku asanuwo, isunthe ndi mphindi 30 zokha n'kuyesanso. Uonenso chimene chinakuletsa: ngati ndi tulo, nthawiyo ndi yolakwika, koma ngati ndi anthu kapena mphika, nthawi ili bwino, chofunika kukonza ndi pakhomo. Ndipo malikisi akakhala 1 ndi 2 tsiku lonse kwa milungu iwiri chonsecho ukugona mokwanira, usavutike n'kusuntha alamu, pita kuchipatala akakuyeze magazi ndi shuga.

Manambala angawa ndi a mu Juni, dzuwa likutuluka cha m'ma 6:30. Ikafika Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'misewu ya m'tauni, kunja kumacha 6 koloko isanakwane ndipo pofika 11 malata amakhala akuotcha, ndiye ndidzatenganso kope kwa mlungu umodzi. Ndikuganiza kuti 8:40 idzabwerera m'mbuyo, koma ndidzaona zimene manambala adzanene.

Gula kope Lolemba likubwerali, ndipo milungu iwiri ikatha unditumizire chithunzi cha masambawo, ndi nthawi za tiyi zomwe, usabise. Kuphatikiza ndidzakuchitira ine ulere. Ukapeza wobwera kuno pa basi ya ku Blantyre, umupatsire kapaketi ka usipa, matemba a kuno ana anawakana.

Ndine mnzako wa ku Mufakose