Lipoti la msonkhano wa ofufuza mabuku a mabungwe obwereketsa ngongole zing'onozing'ono

A Wapampando ndi mamembala onse a komiti, zikomo ponditumiza. Masiku atatu onse ndinakhalapo, ndipo malisiti a alawansi ndapereka kale ku ofesi ya zachuma. Tsiku loyamba linali la malonje ndi kubwereza malamulo omwe tikuwadziwa kale.

Chomwe ndabwera nacho ndi cha tsiku lachiwiri, pamene tinakambirana za ndalama zimene timaika padera poyembekezera ngongole zomwe sizidzabwezedwa. Kuchokera mu 2018, muyezo wa padziko lonse wa kalembedwe ka mabuku a zachuma wotchedwa IFRS 9 sulola kudikira kuti munthu alephere kaye kubweza. Ngongole ikangotuluka, tiyenera kuyerekeza zomwe tingataye: mpata woti wobwereka alephera, kuchulukitsa ndi gawo lomwe sitidzalipezanso akalephera, kuchulukitsanso ndi ndalama zomwe zidakali kwa iye. Ngongole ikachedwa kupitirira masiku 30 imatengedwa kuti chiopsezo chake chakula, ndipo pa masiku 90 timati yalephereka.

Wophunzitsa anatipatsa chitsanzo choti tiwerengere. Bungwe lili ndi ngongole za 10 miliyoni zomwe linawonjezera nthawi yobweza. Kompyuta inafufuta masiku ochedwa n'kuyambiranso pa ziro, choncho zinaoneka ngati zabwinobwino. Pa mpata wolephera wa 4 peresenti ndi kutaya 60 peresenti, anaika padera 240,000. Koma titayang'ana mbiri ya ngongole zowonjezeredwa nthawi m'chitsanzomo, 35 pa 100 zilizonse zinalephereka. Ndiye zoyenera kuika padera ndi 2,100,000. Phindu lomwe analengeza linali lokwera ndi 1,860,000, chonsecho masamu awo analibe cholakwika. Cholakwika chinali tsiku lomwe anayambira kuwerenga.

N'chifukwa chake wofufuza asamangobwereza masamu a oyang'anira. Atenge ngongole zingapo, afananitse pangano loyamba ndi masiku omwe ndalama zinalowadi, kenako ayerekeze zomwe tinaika padera chaka chatha ndi zomwe tinatayadi.

Pamenepa ndilankhule mosabisa. Chaka chatha ndinapempha mndandanda wa ngongole zowonjezeredwa nthawi ku nthambi zathu, ndipo kawiri konse ndinauzidwa kuti kompyuta siutulutsa. Mpaka lero sindinaulandire. Zinandipweteka kumva kumsonkhano kuti mndandanda umenewo ndi woyamba kufunsidwa.

Nthumwi zambiri zinagwirizana zosunga malire a masiku 30. Ine sindinakhutire. Makasitomala athu ambiri amabweza sabata iliyonse, ndiye pofika tsiku la 30 munthu waphonya kasanu. Komanso m'ngongole zamagulu, anzake amamulipirira wolepherayo, ndipo mabuku amaoneka oyera mpaka gulu lonse litatopa. Ndikupempha komiti ikambirane zotsitsa malirewo pa ngongole zobweza pasabata, komanso ilamule kuti mndandanda uja uperekedwe tisanatseke mabuku a chaka chino.

Tsiku lachitatu linali la ogulitsa mapulogalamu a kompyuta.