Mnzanga wa ku Viyetinamu wataya bambo ake, ndimupepese bwanji?

Azakhali,

Ndimagwira ntchito pa kampani ina ya mafoni kuno ku Tete, ndipo mwa amisiri athu alipo a ku Viyetinamu. Mmodzi wa iwo, amene anandiphunzitsa ntchito yonseyi, bambo ake anamwalira masabata awiri apitawo. Ananyamuka usiku womwewo osatsanzika, ndipo mpaka lero sindinamupepese. Zikundidya mumtima.

Ndikufuna kumulembera m'chilankhulo chakwawo, poti Chipwitikizi chimene timalankhulana ndi cha pantchito basi. Ndinayesa ndekha, koma mtsikana wina wa kwawo komweko ataona ananditchinjiriza msanga. Ndinali nditalemba chết, mawu ongoti "wafa", omwe salembera namfedwa. Aulemu ndi mất kapena qua đời, monga ife timati "atisiya". Anandiuzanso kuti kwawo "ine" ndi "iwe" zimatsata msinkhu. Mnzangayu amandiposa zaka 6, choncho iye ndi anh, achimwene, ine ndine em, mng'ono. Tinalemba chonchi:

Em xin chia buồn cùng anh và gia đình.

Ndiye kuti, "Ine mng'ono wanu ndikugawana nanu chisoni, inu ndi banja lonse." Mawuwa andikhudza, chifukwa chia buồn ndi kugawana chisoni kwenikweni, monga timachitira pogona pa siwa.

Pamene ndaima ndi apa. Kwa ine chiganizo chimodzi chikuchepa kwa munthu wotaya bambo. Mtima ukufuna ndionjezere kuti Mulungu awalandire, monga ndimalembera anzanga a kumpingo. Koma mnzangayu si Mkhristu. Kwawo amafukiza lubani pa kaguwa ka makolo m'nyumba, ndipo amachita mwambo pa tsiku la 49 kuchokera pamene munthu wamwalira, pokhulupirira kuti ndi pamene mzimu umatsiriza ulendo wake. Kodi kutchula Mulungu wanga kungamutonthoze, kapena kungakhale kumuveka chovala chosakhala chake? Mwina ndingotchula tsiku lija bambo akewo anandipatsa moni pa foni, akuseka mmene ndinatchulira dzina lawo?

China ndi chipepeso. Kwawo nakonso amapereka ndalama mu envelopu, koma amaipereka pamaliro pomwepo, pokafukiza lubani pamaso pa bokosi. Ine maliro anandidutsa. Akabwera ndikamupatsa m'manja pantchito, sizioneka ngati ndikumuyesa wosowa? Ndaganiza zomutumizira tsiku la 49 lisanakwane, kuti agulire maluwa ndi lubani m'dzina langa.

Mayi anga atamwalira ku Ulongwe, munthu ameneyu anayenda ulendo wonsewo, nakhala pansi ndi amuna kunja usiku wonse osamva nyimbo ngakhale imodzi. Ndithandizeni Azakhali, nditumize mawu ochepawa lero, kapena ndiyambe ndapepesa kuti ndachedwa?

Ine wanu,
Mng'ono wodandaula, Tete